Mnzako akamakolola m'munda mwako kuntchito

Chinenero chathu chili ndi malo ambiri obisamo munthu amene wagwira ntchito. Wina akaimirira pamsonkhano nati, “Tinakonza lipoti lija,” palibe angadziwe ngati “ti-” ameneyo akuimira anthu asanu, awiri, kapena munthu mmodzi wodzichepetsa. Akati “lipoti linakonzedwa,” wokonzayo wasoweratu. Ngakhale ulemu wathu umathandiza kubisa: “anakonza” angakhale a Phiri okha, angakhalenso gulu lonse la mu ofesi. Tinaleredwa m'chinenero chotere, ndipo tinaphunzitsidwa kuti mwana wa makhalidwe sati “ine, ine” pamaso pa akulu. Kumudzi zimenezi sizipweteka munthu, pakuti aliyense amaona ndi maso ake amene wapalira munda ndi amene waswera pamthunzi. Kuntchito yolembedwa n'kosiyana. Amene amakweza malipiro ndi kuwonjezera kontirakiti nthawi zambiri saona ntchito ikugwiridwa. Amangoimva pamsonkhano, kuchokera pakamwa pa amene walankhula.

Choncho munthu angathe kugwira ntchito zaka, dzina lake osamveka, pamene mnzake wa desiki yoyandikana akutchuka ndi thukuta lomwelo. Ambiri amene zimawachitikira amasankha chimodzi mwa ziwiri: kukhala chete mpaka mtima utawola ndi chidani, kapena kuphulika tsiku lina pamaso pa anthu, n'kusanduka iwo olakwa. Pali njira yachitatu, yokhala pansi ndi mnzakoyo awiriwiri, koma imayenda bwino pokhapokha utadziwa chimene ukupita kukatenga. Maganizo anga ndi akuti supita kukatenga kuvomera kulakwa. Munthu wamkulu savomera msanga kuti waba, ndipo ukamukakamiza amangolimbitsa khosi. Chimene upita kukatenga ndi pangano la m'mene ntchito yotsatira idzatchulidwire. Zonse zimene ndifotokoze pano zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Nkhani yomwe ndikuidziwa bwino ndi ya mwana wa mlongo wanga, amene pano ndimutcha Naphiri. Amagwira ntchito yolemba ndi kusunga ziwerengero m'bungwe lina logula soya ndi mtedza kwa makalabu a alimi m'chigawo chapakati cha Malawi. Mnzake wa ntchito, amene ndimutcha a Mbewe, ndi wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi khumi, ndipo ntchito yawo ndi yoyendera madepoti. Sali bwana wake. Onse awiri amayankha kwa manijala mmodzi. M'mwezi wa Meyi, nyengo yogula soya ili pachimake, Naphiri anaona kuti matumba ochokera ku depoti ina akufika ku nyumba yosungiramo katundu ali opepuka. Anakhala madzulo atatu akuyerekeza malisiti a ku depoti ndi mabuku a polandirira. Thumba lililonse lolembedwa makilogalamu 50 linkafika lili ndi makilogalamu 48 ndi theka. Pa matumba 400, kusiyanako kunakwana makilogalamu 600, ndiko kunena kuti matumba 12 athunthu amene bungwe linalipira koma silinalandire. Anauza a Mbewe Lachinayi, nawapatsa pepala la ziwerengerozo. Lolemba pamsonkhano a Mbewe anaimirira nati, “Bwana, ine ndaona kuti sikelo ya ku depoti ija ikutibera,” nawerenga ziwerengero zonse za papepala lija. Manijala anawayamikira pamaso pa onse. Dzina la Naphiri silinatchulidwe.

Anandiimbira madzulo omwewo mawu akunjenjemera. “Amalume, mawa ndikukawauza bwana zonse. Aka n'kachitatu.” Ndinamuuza kuti mawa asachite kanthu koma kulemba, ndipo ndikufuna ndikhalitse pa kulembaku, chifukwa ndi pamene nkhani zotere zimapindulira kapena kuonongekera.

Mtima wopwetekedwa umalankhula ndi mawu akuti “nthawi zonse” ndi “chilichonse.” Mawu amenewa ndi osavuta kuwatsutsa. Ukauza munthu kuti “mumanditengera ntchito nthawi zonse,” iye amangokumbutsa tsiku limodzi limene anakutchula, ndipo mlandu wako wagwa. Ndiye ndinamupempha Naphiri alembe nthawi zitatuzo, iliyonse ndi tsiku lake, chimene iye anachita, chimene a Mbewe anachita, ndi mawu enieni amene ananenedwa pamsonkhano. Gawo lachiwirilo, la zimene mnzako anachitadi, ndi limene anthu amalilumpha, koma ndi lofunika koposa. Atalemba, zinaoneka motere. Ya m'Malichi inali lipoti la makalabu limene analemba onse awiri, ndipo a Mbewe anati “tinalemba” osatchula dzina. Imeneyo si kuba, ndi “ti-” wathu uja. Ya mu Epulo inali fomu yatsopano yolembera alimi, imene Naphiri anaikonza yekha koma maganizo ake anachokera pa macheza a onse awiri m'galimoto. Imeneyo ndi yokayikitsa, ndipo aliyense angaikokere kwake. Ya m'Meyi yokha ndiyo inali yoyera. Komabe ngakhale pamenepo panali kanthu: Loweruka a Mbewe anapita ku depoti ija ndi mwala woyesera wa makilogalamu 20, natsimikiza kuti sikeloyo inalidi yolakwika. Kupeza vuto kunali kwa Naphiri, kutsimikiza kunali kwa a Mbewe. Iwo anatenga zonse ziwiri.

Kulembaku kumathandizanso kudziwa mtundu wa munthu amene ukukalankhula naye, pakuti okolola m'minda ya anzawo sali amodzi. Alipo amene amaiwaladi: akamva mfundo, n'kugona nayo masiku awiri, amadzuka akukhulupirira kuti ndi yawo. Alipo amene anakula ndi chizolowezi chakuti wamkulu ndiye amalankhulira ana pabwalo, ndipo saona cholakwa pamene akunena zimene wamng'ono wapeza. Ndipo alipo amene amadziwa bwino lomwe chimene akuchita. Njira imene ndaiona kuti imasiyanitsa bwino atatuwa ndi kumvetsera m'mene munthuyo amalankhulira zinthu zikalakwika. Woiwala ndi wolankhulira gulu amati “ndinalakwitsa” kapena “tinalakwitsa” monga momwe amanenera zikakoma. Wadala uja ali ndi galamala yakeyake: zikakoma ndi “ndina-”, zikavuta ndi “tina-”, zikavutitsitsa ndi “Naphiri ana-”. Ukaona munthu akusintha chonchi kawiri katatu, dziwa kuti si kuiwala. Kudziwa zimenezi sikusintha mawu amene ukayambe nawo, chifukwa onse atatu uyamba nawo mofanana, koma kumakuuza kuti uyembekezere yankho lotani ndi kuti usunge umboni wochuluka bwanji.

Za umboni ndinene pang'ono, popeza masiku ano ntchito zambiri zimasiya mapazi. Imelo ili ndi tsiku ndi ola. Chikalata cholembedwa pa Google Docs kapena Google Sheets chimasunga mbiri ya amene anasintha chiyani ndi liti, pansi pa File, pa Version history. Pepala loperekedwa pamanja, ngati lija Naphiri anapatsa a Mbewe, silisiya kanthu; mwayi wake unali wakuti fayilo ya ziwerengerozo inali pa kompyuta yake ndipo inkaonetsa masiku amene anaigwira. Koma umboni umenewu ndi wosunga m'thumba. Ukalowa m'macheza oyamba utanyamula mapepala, mnzako amaona khoti, ndipo munthu amene ali m'khoti samvetsera, amangodziteteza.

Pa zitatu zija ndinamulangiza atenge imodzi yokha, ya sikelo. Anadandaula kuti enawo akhala ngati wawakhululukira. Koma ukabweretsa nkhani zitatu, mnzako amasankha yofooka mwa izo n'kuthera nthawi yonse pamenepo. Mukanakangana za fomu ya mu Epulo mpaka dzuwa kulowa, sikelo osaifika.

Nthawi ndi malo zili ndi mphamvu kuposa m'mene timaganizira. Tsiku lomwelo ndi loipa, chifukwa mawu amatuluka ndi moto. Pakapita milungu iwiri ndi poipanso, chifukwa mnzako adzati, “Bwanji simunanene nthawi yomweyo?” ndipo adzaganiza kuti wakhala ukumusungira kumtima ndi kumunena kumbali. Masiku awiri kapena atatu ndi abwino. Malo akhale oti ena sakumva koma akuona. Izi ndikunena makamaka kwa akazi amene akalankhula ndi bambo wamkulu: chitseko chotseka chimabala miseche ina imene simunaifune. Khonde la nyumba yosungiramo katundu, pansi pa mtengo panthawi ya nkhomaliro, kapena mu ofesi chitseko chili chotsegula, ndi malo okwanira. Pa gulu la WhatsApp la kuntchito musayerekeze n'komwe. Ngakhale uthenga wa awiri si wabwino poyambira, chifukwa mawu olembedwa alibe nkhope, ndipo amatha kujambulidwa n'kutumizidwa kwa ena popanda zimene zinatsogola.

Naphiri anasankha Lachitatu masana. Anayamba ndi moni wathunthu, kufunsa za kunyumba, monga timachitira; kulumpha moni n'kulengeza nkhondo mawu asanayambe. Kenaka anapempha nthawi: “A Mbewe, ndili ndi kankhani kakang'ono ka ntchito, kongofuna inu ndi ine. Mungandipatseko mphindi khumi ndi zisanu?” Kutchula kutalika kwa nthawi kumachotsa mantha, ndipo kunena kuti ndi ka awiri kumamuuza munthuyo kuti sunapite naye kwa bwana. Abale a ku Lusaka mwina anganene “ba Mbewe,” a ku Tete ali ndi katchulidwe kawo, koma chofunika ndi chimodzi: muitane munthuyo ndi ulemu womwewo umene umamuitana nawo masiku onse, osauchepetsa chifukwa cha mkwiyo, osauwonjezeranso mpaka kumveka ngati mwano.

Mawu amene tinakonza anali ochepa, ndipo ndinamuuza awanene mokweza kunyumba kawiri katatu kuti lilime lizolowere. Anali motere:

“Lolemba pamsonkhano munafotokoza za sikelo ya ku depoti. Ziwerengero zija ndinazipeza ine, nditakhala madzulo atatu ndi malisiti, ndipo ndinakupatsani Lachinayi. Inu munapita kukayesa sikeloyo Loweruka, ndipo popanda ulendo wanu bwenzi tilibe chitsimikizo. Koma pamsonkhano bwana anamva ngati zonse munachita nokha. Kontirakiti yanga ikutha mu Seputembala, ndipo akamaganiza zowonjezera adzayang'ana zimene akudziwa kuti ndachita. Ndiye ndimati ndimve kwa inu, zinayenda bwanji?”

Taonani zimene mulibe m'mawu amenewa. Mulibe “munandibera,” mulibe “mumandidyera masuku pamutu,” mulibe mawu alionse onena za mtima kapena khalidwe la a Mbewe. Naphiri sangadziwe zimene zinali mumtima mwawo, ndipo akanena za mtima, iwo ali ndi ufulu wonse wokana. Wanena zimene zinachitika, zimene onse awiri akuzidziwa. Wapereka kwa a Mbewe gawo lawo lenileni asanapemphe lake, ndipo zimenezi si kunyengerera: ndi choonadi, komanso zimatseka khomo limene akanathawira. Wanena chimene iye akutaya, osati m'mawu a kupwetekedwa mtima okha koma m'chinthu chogwirika, kontirakiti ya Seputembala. Munthu amene angaseke “zandiwawa” sangaseke msanga nkhani ya mchere ndi sopo wa panyumba pa mnzake. Ndipo wamaliza ndi funso lenileni, limene yankho lake salidziwa.

Likatha funsolo pamabwera chovuta kuposa zonse, ndicho kukhala chete. Ife tikaona wamkulu akusowa chonena timafulumira kumupulumutsa: “Komatu si nkhani yaikulu, musadandaule.” Ukatero wafafaniza zonse zimene wanena. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako ndi kwa kanthawi kochepa chabe, kokwana kupuma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ngakhale kamaoneka ngati chaka. Ndinamuuza Naphiri ayang'ane pansi mwaulemu ngati afuna, koma pakamwa atseke mpaka a Mbewe atayankha.

Mayankho amene amabwera si ambiri, ndipo munthu angathe kuwakonzekera. Loyamba ndi lija la mwambi: “Aa, Naphiri, ntchito ndi ya tonse. Mutu umodzi susenza denga.” Ili ndi lovuta chifukwa ndi loona, ndipo ukalitsutsa umaoneka wodzikonda. Usalitsutse. Ligwire ndi manja awiri n'kulibweza: “Zoonadi, ndi ya tonse. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tikamaifotokoza, mitu yonse imene yasenza dengalo izitchulidwa.” Lachiwiri ndi kuchepetsa: “Kankhani kakang'ono ngati kameneka mpaka kukhalirana pansi?” Yankho lake ndi kuvomera kuti kwa iwo n'kakang'ono, n'kubwereza kuti kwa iwe kakukhudza kontirakiti, ndipo popeza n'kakang'ono sikavuta kukonza. Lachitatu ndi mkwiyo: “Ndiye ukunditcha wakuba?” Apa mawu ako atsike m'malo mokwera. “Ayi, sindinatero. Ndanena zimene bwana anamva, ndipo ndikupempha kuti ulendo wina amve zonse.” Ngati mkwiyowo sukutsika, tseka nkhani mwaulemu n'kupempha kuti mudzaipitirize mawa, mawu onenedwa munthu atakwiya sakhala pangano. Lachinayi ndi kutembenuza mlandu, kukumbutsa zolakwa zako za miyezi yapita. Ukalowa m'menemo watayika. Nena kuti uli wokonzeka kudzakambirana zimenezo padera, koma lero mumalize ya sikelo.

A Mbewe anayankha ndi loyamba, naphatikizapo china chimene Naphiri sanachiyembekezere. Anati iwo anaganiza kuti iye sakonda kulankhula pamsonkhano, popeza chibwerereni sanaimirirepo, ndiye anaona ngati akumuthandiza kufikitsa nkhani kwa bwana. Kaya zinali zoona kaya chinali chothawira, Naphiri sanafunikire kugamula. Yankho limenelo linamutsegulira khomo la chimene anabwerera.

Pempho liyenera kukhala la chinthu chooneka, chimene mawa aliyense angathe kuona ngati chachitika kapena ayi. “Muzindilemekeza” si pempho lotere, ngakhalenso “musadzachitenso.” Naphiri anapempha ziwiri. Choyamba, kuti pamsonkhano wa Lolemba, nkhani ikakhala ya ziwerengero zimene iye wapeza, aziifotokoza yekha, a Mbewe n'kuwonjezera za kumadepoti. Chachiwiri, kuti malipoti amene alemba limodzi azikhala ndi mayina onse awiri pamwamba, ndipo potumiza kwa manijala wina aziika mnzake pa cc. Panalinso chachitatu chimene ndinamuuza achiyese koma asachikakamire: kuti a Mbewe eni ake atchule kwa bwana kuti ziwerengero za sikelo zinachokera kwa iye. Chimenechi ndi chowawa kwa munthu wamkulu, chifukwa chili ngati kubweza mbuzi masana anthu akuona. Angachipewetse manyazi pochinena modutsa, monga pofotokoza zotsatira: “Titatsatira zimene Naphiri anapeza zija, sikelo yakonzedwa.” A Mbewe anavomera ziwiri zoyambazo. Pa chachitatu anangoti, “Tiona,” ndipo Naphiri anachisiya pomwepo.

Madzulo a tsiku lomwelo anawatumizira uthenga waufupi: kuthokoza chifukwa cha nthawi yawo, ndi kubwereza m'mizere iwiri zimene anagwirizana. Uthenga wotere ulembedwe mwa mtendere, woti ngakhale bwana atauwerenga asapezemo mwano. Ntchito yake ndi iwiri. Umathandiza woiwala kukumbukira, ndipo ngati munthuyo ndi wadala uja, umakhala chizindikiro choyamba cholembedwa chakuti nkhaniyi inakambidwapo mwaulemu, tsiku lakuti.

Pali mbali ina ya panganoli imene siidalira mnzako konse. Ntchito imabedwa mosavuta ikamayenda mumdima, kuchokera m'manja mwako kupita m'manja mwa munthu mmodzi. Naphiri anasintha kayendetsedwe kake. Akapeza kanthu m'ziwerengero, amalemba imelo yaifupi kwa a Mbewe, manijala ali pa cc, yonena chimene wapeza ndi chimene akupempha a Mbewe akaone kudepoti. Palibe angaitche kudzitama, pakuti ndi kudziwitsa wamba, ndipo manijala aliyense amakonda kumva za vuto msanga. Kwa amene ntchito yawo siyenda ndi makompyuta, telala m'shopu ya wina, makaniko m'galaja, namwino m'wodi, njira ndi yomweyo m'maonekedwe ena: kusaina m'buku la ntchito, kulemba dzina pa khadi la galimoto imene wakonza, kuuza woyang'anira mawu awiri pamene ntchito ili mkati osati itatha.

Nanga zikachitikanso pangano lilipo? Kachiwiri kokha sindikulangiza kuthamangira kwa bwana. Konza pomwepo, pamsonkhano, ndi mawu opanda minga, olowa ngati kuwonjezera: “Ndiwonjezereko pa zimene a Mbewe anena. Pamene ndimayerekeza malisitiwo ndinaonanso kuti kusiyanaku kunayamba sabata yachiwiri ya Meyi.” Sunatsutse munthu, koma aliyense m'chipindamo wamva amene anagwira malisiti. Komanso amene anagwiradi ntchito amadziwa zamkati zimene wongowerenga pepala sadziwa, ndipo manijala wanzeru amazindikira msanga amene akuyankha mafunso ovuta. Ukatuluka, mukumbutse mnzakoyo padera za pangano lija, m'chiganizo chimodzi.

Zikapitirira apo, nthawi ya bwana yakwana, ndipo ulemu umafuna kuti mnzako umuuze kuti ukupita. Kwa bwana usapite ndi dandaulo la khalidwe la munthu, chifukwa mabwana ambiri amadana ndi kuweruza milandu ya “sagwirizana,” ndipo kawirikawiri amaika onse awiri m'thumba limodzi la ovuta. Pita ndi nkhani ya ntchito: “Bwana, ndikufuna mudziwe bwino zimene ndakhala ndikuchita miyezi itatu yapitayi, kuti poyesa ntchito yanga mukhale ndi chithunzi chonse.” Apa ndi pamene mapepala aja amatuluka m'thumba, ndi masiku ake. Bwana akafunsa chifukwa chake sanazidziwe, uyankhe zoona, mwachidule, n'kutchula kuti unayamba wakambirana ndi mnzako tsiku lakuti.

Ena amafunsa za malamulo. Ku Malawi kuli lamulo la za ntchito la 2000 ndi khoti loona za maubale a pantchito. Ku Zambia kuli lamulo la za ntchito la 2019. Ku South Africa kuli bungwe loyanjanitsa olemba ndi olembedwa ntchito limene ambiri amalidziwa ndi zilembo zakuti CCMA. Koma zimenezi zimagwira kwambiri nkhani za kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo, malipiro, tchuthi ndi tsankho. Mnzako kusakutchula pamsonkhano, pakokha, si mlandu umene ungapite nawo kumeneko, ndipo ntchito imene wagwira uli pa malipiro kawirikawiri ndi ya wokulemba ntchito, si yako kapena ya mnzako. Chimene chingakuthandize pafupi ndi ndondomeko ya madandaulo ya pamalo pako pomwepo, ngati ilipo, kapena nthumwi ya bungwe la apantchito. Zolemba zako zimadzakhala ndi phindu la lamulo pokhapokha nkhani itakula, monga utachotsedwa ntchito ponenedwa kuti sunkachita kanthu.

Ndiyeneranso kunena kumene dongosololi limafooka. Ngati wokolola m'munda mwako ndi bwana wako weniweni, zambiri zimasintha, chifukwa mbali ina ya ntchito ya bwana ndi kunyamula zotsatira za gulu lake kupita nazo pamwamba, ndipo amene ungamudandaulire ndi yemweyo. Pamenepo pempho limachepa: kuti dzina lako lilembedwe pa lipoti, kapena kuti uzipita nawo kumsonkhano kukayankha mafunso a gawo lako. Limafookanso kwa amene ali pa miyezi yoyesedwa, kwa aganyu, ndi kwa abale athu ambiri amene akugwira ntchito ku Joni kapena kwina mapepala awo asanakhazikike. Munthu wotere akayeza n'kuona kuti kulankhula kungamutayitse ntchito, sindingamutche wamantha akasankha kungosiya mapazi a ntchito yake mwakachetechete, m'buku ndi m'mauthenga, n'kudikira nthawi imene miyendo yake idzakhale italimba. Ndipo kumene mnzakoyo ndi m'bale wa mwini kampani, ngakhale macheza okonzedwa bwino chotani sangasunthe zambiri.

Kwa Naphiri zinayenda pakatikati. Lolemba lotsatira anaimirira koyamba pamsonkhano nafotokoza ziwerengero za mtedza, mawu akunjenjemera pang'ono poyamba. A Mbewe sanatchule konse kwa bwana za sikelo ija, ndipo kwa milungu iwiri moni wawo unali wozizira. Koma malipoti a Juni ndi Julaye anatuluka ndi mayina awiri, ndipo manijala atafuna kudziwa ngati madepoti ena alinso ndi vuto la sikelo, anaitana Naphiri mu ofesi mwake namupatsa mabuku a madepoti onse asanu ndi limodzi kuti awayerekeze.